Mmene tinapezera tsiku la mkumano wa gulu lathu ku Kasungu

Gulu lathu la pa WhatsApp la anzathu amene tinaphunzira limodzi lili ndi anthu oposa makumi asanu ndi limodzi. Nditafunsa kuti "tikumane liti?", mayankho anangosefukira, wina Loweruka, wina atamaliza kugulitsa fodya, ndipo tsiku silinapezeke.

Ndiye ndinasiya kufunsa funso lotseguka. Ndinadina kachizindikiro kotumizira zinthu, n'kusankha Poll, n'kulembamo masiku atatu okha a mwezi wa Ogasiti, onse Loweruka, pamene ambiri amakhala atamaliza za kumunda. Ndinasiya Allow multiple answers ili yoyatsa. Apa ndi pofunika kwambiri, chifukwa funso si lakuti mumakonda tsiku liti, koma masiku onse amene mungathe kubwera. Mukaizimitsa, mavoti amagawikana ndipo tsiku limene ambiri angakwanitse silioneka. Ndinanenanso kuti kuvota kutha Lachisanu madzulo.

Akuluakulu ena alibe mafoni a intaneti, choncho ndinawaimbira n'kuwonjezera mayankho awo pa pepala.

Polengeza, ndinapita pa Group permissions n'kuzimitsa Send messages kwa mamembala kwa tsiku limodzi. Ndinalemba tsiku, nthawi ndi malo mu uthenga umodzi, n'kuukhoma pamwamba ndi Pin. Wofuna kufunsa anandilembera kumbali.