Momwe mungayankhire mafunso a NOT, EXCEPT ndi All of the above pa mayeso a manejimenti

Pa mayeso osankha yankho pakati pa A, B, C ndi D, funso lokhala ndi NOT kapena EXCEPT limafuna chinthu chimene sichili m'gulu. Aliyense amadziwa zimenezi. Vuto ndi lakuti munthu amakumbukira NOT uja powerenga funso, koma akamafika pa yankho lachitatu amakhala atamuiwala, n'kusankha choona chimene chamukomera. Mankhwala ake ndi akuti pensulo isunge zimene mutu ungataye.

Choyamba, zungulizani mawuwo. Ena olemba mayeso amawalemba m'zilembo zikuluzikulu, ena amawabisa pakati pa chiganizo m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo nthawi zina amaika LEAST kapena FALSE m'malo mwake. Ngati mayeso ndi apakompyuta, lembani nambala ya funso ndi NOT wamkulu papepala lopandira ntchito limene akupatsani.

Chachiwiri, chotsani NOT m'funsomo kuti litsale chiganizo chovomereza, ndipo yesani yankho lililonse palokha. Pambali pake lembani Z ngati ndi zoona, B ngati ndi bodza. Musasankhe kanthu musanamalize onse anayi. Funso likakhala labwinobwino mupeza ma Z atatu ndi B mmodzi, ndipo limene mwalilemba B wa bodza pambali ndilo yankho.

Tiyeni titenge funso la Frederick Herzberg, chifukwa limabwera kawirikawiri ndipo limagwetsa ngakhale anthu amene anawerenga. Mu 1959 Herzberg ndi anzake anagawa zinthu za pantchito m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la haijini: malipiro, malamulo a kampani, kayang'aniridwe ka bwana, mmene malo ogwirira ntchito alili. Zimenezi zikasowa antchito amadandaula, koma zikakhalapo zimangothetsa dandaulo, sizimupatsa munthu mtima wolimbikira. Gulu lachiwiri ndi la mamotiveta: kukwanitsa ntchito, kuyamikiridwa, ntchito yeniyeniyo, kupatsidwa udindo, kukwezedwa. Funso ndiye likuti zonsezi ndi mamotiveta malinga ndi Herzberg EXCEPT chimodzi: A kuyamikiridwa, B kupatsidwa udindo, C malipiro, D kukwezedwa.

Chiganizo chanu choyesera chikhale chakuti "Herzberg anati ichi ndi motiveta." Kuyamikiridwa, Z. Udindo, Z. Malipiro, bodza. Kukwezedwa, Z. Yankho ndi C.

Pamenepa mpofunika kuchedwapo, chifukwa njirayi imawonongekera pa kapangidwe ka chiganizo choyeseracho. Munthu akachotsa NOT, nthawi zambiri amachotsanso dzina la mwini mfundo mosazindikira, n'kutsala ndi funso lakuti "kodi ichi chimalimbikitsa wantchito?" Ndani amene angakane kuti ndalama zimalimbikitsa, makamaka mwezi ukafika pakati? Malipiro amalandira Z, ndipo papepala pamakhala ma Z anayi. Kenako munthu amayamba kusakasaka limene likuoneka lofooka, n'kuponya udindo kunja poganiza kuti udindo ndi mtolo. Malikisi apita, chonsecho mutuwo amaudziwa.

Chizindikiro chakuti zalakwika ndi kuchuluka kwa zilembo zanu. Mukapeza ma Z anayi, dziwani kuti mwayesa ndi nzeru za pamoyo m'malo mwa mndandanda wa m'buku. Mukapeza ma B awiri, kawirikawiri ndiye kuti yankho lina mwaliyesa ndi chiganizo chovomereza, lina ndi chokana. Zikatero musakonze yankho limodzi lokha. Fufutani zonse, bwererani ku funso, muone dzina la munthu kapena la gulu limene latchulidwa, muyambirenso. Mafunso a manejimenti ambiri safunsa chimene chili chabwino kuofesi. Amafunsa ngati chinthu chili pa mndandanda wa uje. Henri Fayol mu 1916 anatchula ntchito zisanu za manejala: kukonza mapulani, kulinganiza, kulamula, kugwirizanitsa ndi kuwunika. Kulemba anthu ntchito manejala aliyense amachita, koma pa zisanu za Fayol sikuoneka pakokha, ndipo funso la NOT lingakuike pamenepo ngati nyambo.

Mawu pang'ono pa mapepala a mayeso akale amene amagulitsidwa pa mashopu a fotokope pafupi ndi makoleji, kapena amene amazungulira pa WhatsApp. Mafunso ake ndi othandiza poyeserera ndipo mtengo wake ndi wotsika kuyerekeza ndi buku, koma mayankho a kumapeto aja nthawi zambiri analemba ndi wophunzira mnzanu, ndipo pamene amalakwitsa kwambiri ndi pa mafunso a EXCEPT omwewa. Fotokope ikafufuma, NOT wazilembo zing'onozing'ono amathanso kusowa. Yankho lawo likasemphana ndi lanu, tsegulani buku la kosi musanadzikayikire. Wokugulitsani pepala lonena kuti ndi "lobwera mawa" musiyeni ndi katundu wake.

Tsopano All of the above. Apa masamu ake ndi osavuta, ndipo zilembo zija zimagwirabe ntchito. Ngati D ndi All of the above ndipo yankho lololedwa ndi limodzi, ma Z awiri otsimikizika akukwanira: sizingatheke kuti A yekha akhale yankho pamene B nayenso ndi woona, choncho sankhani D ngakhale C simukumudziwa. Mukapeza bodza limodzi lotsimikizika, mwapha awiri nthawi imodzi, yankho labodzalo pamodzi ndi D yemwe, ndipo mwatsala ndi awiri okha. Msampha wake ndi kuthamanga: A akuoneka woona, mwachonga, osawerenga mpaka pansi. Chenjezo lina ndi lakuti lamulo la ma Z awiri limafa pakakhala yankho lonena kuti A ndi B okha. Pamenepo C ayenera kuyesedwa basi. Langizo lofala lakuti All of the above amakhala wolondola nthawi zonse ndi la anthu amene sanawerenge, ndipo olemba mayeso amalidziwa.

Zimavuta pang'ono NOT ndi All of the above zikakumana m'funso limodzi. Henry Mintzberg mu 1973 anatchula maudindo 10 a manejala m'magulu atatu, ndipo gulu la kupanga ziganizo lili ndi anayi: woyambitsa zatsopano, wothetsa zisokonezo, wogawa zipangizo ndi wokambirana mapangano. Funso likati ndi udindo uti umene si wa gulu limeneli, A wolondoloza nkhani, B wofalitsa nkhani mkati mwa bungwe, C wolankhulira bungwe, D All of the above, mupeza ma B atatu, chifukwa onsewo ndi a gulu la nkhani. Palibe wosiyana ndi anzake, ndiye yankho ndi D. Ma B awiri otsimikizika akukwaniranso, monga ma Z awiri aja pa funso lovomereza.

None of the above yekha ndiye alibe njira yachidule, pamafunika kuti onse atatu akanike. Pa mayeso apakompyuta mayankho nthawi zina amasakanizidwa, All of the above n'kupezeka pa B, koma amatanthauzabe ena onse. Njira ya zilemboyi imadya nthawi, choncho isungireni mafunso a mtundu umenewu okha, ndipo mukatsala ndi mphindi zisanu bwererani kokha ku mafunso amene munazunguliza, muone ngati chimene munachonga pa funso la NOT ndi chimene chili ndi B pambali.