Kuchotsa tatuu pa chithunzi: musayambe ndi Healing Brush

Tatuu ikakhala pamkono ndipo yafika m'mphepete, Healing Brush, chida cha mu Photoshop chofafanizira zipsera pachithunzi, imabweretsa mavuto. Chida ichi chimasakaniza mtundu wa malo ozungulira, ndiye chikayandikira inki yakuda kapena malaya, chimasiya banga ngati mwaye.

Ine ndimatsegula leya yatsopano mu Photoshop, n'kutenga Clone Stamp, chida chokopera malo ena a chithunzi, Sample yake n'kuika pa Current & Below. Ndikatero ndimadina khungu lopanda inki nditagwira Alt, n'kuyamba kukwirira inki. Khungulo muzilitenga pafupi, pamene kuwala kukufanana, chifukwa mkono ndi wobulungira: pakati pamawala, m'mbali mumada. Mukatenga la pakati n'kuliika m'mbali, mkono umaoneka wophwatalala ngati thabwa. M'mphepetimo sankhani kaye mkono ndi Pen Tool kuti burashi isatulukire kunja.

Inki ikatha m'pamene Healing Brush imalowa, kufafaniza malire a zigamba.

Muzisintha potenga khungu pafupipafupi. Tsiku lina ndinaiwala, kachipsera kamodzi kanaoneka katatu pamzere umodzi, ndipo ndinakaona magazini itasindikizidwa kale. Pano ndimayendera mkono wonse pa 100%, kenako ndimachepetsa chithunzi kuti ndione ngati mthunzi ukuyenda bwino.

Mwini mkono mufunseni kaye. Chikakhala chithunzi cha nkhani ya m'nyuzipepala, musachikhudze n'komwe.