Chochepetsa Deta Chikabisa Zithunzi ndi Kulepheretsa Fomu: Malangizo kwa Ogwiritsa Ntchito Foni

Malangizo amene amabwera ndi foni kapena ndi pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti nthawi zambiri amangonena mwachidule kuti chochepetsa deta chikayatsidwa, masamba ena angaoneke mosiyana ndipo mbali zina za tsamba zingaleke kugwira ntchito. Mawu amenewa ndi oona, koma sathandiza munthu amene wakhala theka la ola akulemba fomu, kenako batani lotumizira n'kukana kuyankha. Pano ndafotokoza tanthauzo la chenjezo limeneli, ndipo ndawonjezerapo zimene ndaziona pogwiritsa ntchito mafoni otere. Mayina a pa sikirini ndawasiya mmene mudzawaonere, chifukwa ndi amene mudzawafunafuna.

Choyamba ndi dzina lenilenilo. Ena amamasulira Data Saver kuti "chosunga deta", koma ine ndapewa mawu amenewa chifukwa amachititsa munthu kuganiza kuti pali malo amene deta ikuikidwa kuti idzagwiritsidwe ntchito mawa. Palibe chimene chikusungidwa. Chimene chimachitika n'chakuti foni imakoka zinthu zochepa pa netiweki, ndipo kuti ikoke zochepa iyenera kusiya zina. N'chifukwa chake ndasankha kunena kuti chochepetsa deta.

Dzina limodzili limaimira zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ambiri amazimitsa china pamene vuto lili mu chinzake. Cha mtundu woyamba chili mu foni yeniyeniyo. Pa Android chinayamba ndi Android 7.0 mu 2016 ndipo chimatchedwa Data Saver, pamene pa iPhone chinayamba ndi iOS 13 mu 2019 ndipo chimatchedwa Low Data Mode. Ntchito yake yaikulu ndi kuletsa kapena kuchepetsa deta imene mapulogalamu amadya mwakachetechete inu musanawatsegule, monga pamene pulogalamu ya imelo ikukoka makalata foni ili m'thumba. Chimauzanso mapulogalamu amene mwatsegula kuti achepetse kadyedwe kawo, choncho vidiyo ingaoneke mwachimbuuzi kapena chithunzi chingadikire kuti muchikhudze chisanatseguke. Mtundu umenewu sukonza tsamba mwatsopano, ndipo sikawirikawiri kuti uwononge fomu.

Cha mtundu wachiwiri chili mu pulogalamu yotsegulira masamba, imene ambiri timaitcha kuti burauza. Chitsanzo chodziwika ndi Opera Mini, imene pansi pa Data savings ili ndi zosankha monga Extreme, High ndi Off. Mukasankha Extreme, foni yanu silankhula mwachindunji ndi tsamba limene mukufuna. Pempho lanu limayamba lapita ku makompyuta a kampani ya Opera, amenewo ndi amene amatsegula tsambalo, kulikonza, kulifinya kuti lichepe, kenako n'kutumiza ku foni yanu tsamba lomalizidwa kale. Mawu akuti kufinya ndawasankha dala, popeza zimene zimafika kwa inu ndi zotsala pambuyo poti zambiri zachotsedwa. Ngati mwawerengapo malangizo akale onena za Lite mode ya mu Chrome, musataye nthawi kuifunafuna, chifukwa inachotsedwa mu Marichi 2022 pamene Chrome 100 inatuluka.

Kuti mumvetse chifukwa chake fomu imawonongeka, muyenera kudziwa chinthu chimodzi chokha chaukatswiri. Masamba ambiri a masiku ano ali ndi timalamulo ta JavaScript timene timagwira ntchito mkati mwa foni pamene inu mukulemba. Timalamulo timeneti ndi timene timatsegula kakalendala kosankhira tsiku, timaona ngati nambala ya foni yakwana, ndiponso timadzutsa batani lotumizira zonse zikadzazidwa. Mu Extreme, timalamuloti timayendetsedwa ku makompyuta a Opera kwa kanthawi kochepa, osati mu foni yanu, ndipo tsamba likafika kwa inu limakhala ngati chithunzi cha mmene linalili pa nthawiyo. Chilichonse chimene chimafuna kuti tsambalo lizitsatira zala zanu mphindi iliyonse chimachedwa, chimachititsa tsamba kutsegukanso lonse, kapena sichichitika n'komwe.

Zizindikiro zake zimaoneka musanayambe n'komwe kulemba, ndipo ndi bwino kuziyang'ana. Pamalo pa chithunzi pamakhala bokosi lopanda kanthu, kapena mawu ochepa ofotokoza chimene chinayenera kukhalapo, makamaka ngati chosankha cha Images mu Opera Mini chaikidwa pa Off. Zilembo zonse zimaoneka za mtundu umodzi, ndipo timizere titatu ta menyu kapena kagalasi kofufuzira kangasanduke kabokosi kopanda tanthauzo, chifukwa masamba ambiri amajambula tizizindikiro totere pogwiritsa ntchito zilembo zapadera zimene Extreme sikoka. Mukaona zimenezi pa tsamba la nkhani palibe chodetsa nkhawa, popeza nkhani imawerengeka ndithu. Mukaziona pa tsamba limene lili ndi fomu, imani kaye.

Tiyeni titenge fomu yofunsira malo pa sukulu, imene imafuna dzina, tsiku lobadwa, chigawo ndi boma, chithunzi cha nkhope, ndiponso zilembo zotsimikizira kuti wolembayo ndi munthu. Dzina limalembeka bwinobwino, chifukwa bokosi la mawu wamba silidalira timalamulo tija, ndipo apa ndi pamene munthu amanyengeka kuti zonse zili bwino. Pa tsiku lobadwa kakalendala sikatuluka. Wolembayo amalemba tsikulo ndi manja, mwina 03/04/2001, koma fomuyo inkayembekezera kalembedwe kena kamene kakalendala kakanaika kokha, ndipo uthenga wofiira umene ukanamuchenjeza nthawi yomweyo suoneka. Akasankha chigawo, mndandanda wa maboma umayenera kudzaza malinga ndi chigawocho, koma umakhalabe wopanda kanthu, kapena tsamba lonse limaphethira n'kutsegukanso, ndipo pa mafomu ena zimene analemba pamwamba zimakhala zafufutika.

Pofika pa zilembo zotsimikizira, zimene pa sikirini zimatchedwa CAPTCHA, vuto limakula. Zilembo zimenezi ndi chithunzi, ndipo zinapangidwa dala kuti zisakhale ndi mawu ofotokoza zimene zalembedwamo, chifukwa mawu otero akanathandiza makina kuziwerenga. Zithunzi zikazimitsidwa, fomu imakupemphani kulemba zimene mukuona pamene palibe chooneka. Zikangochepetsedwa ubwino, 8 amafanana ndi B ndipo 0 amafanana ndi O, moti mumalephera kangapo mpaka tsamba lina limakuimitsani kwa kanthawi. Mtundu wina wa CAPTCHA, wa kabokosi kolembedwa I'm not a robot, umadalira kwambiri JavaScript ya mu foni, choncho ungangozungulira osamaliza kapena osaoneka kumene. Pamapeto pake batani la Submit limakhalabe lotuwa, chifukwa lamulo lolidzutsa likudikirabe boma ndi CAPTCHA. Munthu amayamba kukayikira netiweki, pamene netiwekiyo ilibe mlandu.

Njira yokonzera ndi yaifupi, koma dongosolo lake ndi lofunika. Zimitsani chochepetsa deta musanalembe chilembo choyamba, osati muli pakati, chifukwa kusintha kuchoka pa Extreme kumafuna kuti tsamba litsegukenso, ndipo zimene munalemba zingatayike, mwinanso mudzafunika kulowanso ndi pasiwedi. Mu Opera Mini tsegulani Data savings n'kusankha Off, kenako tsegulaninso tsambalo, popeza limene lili pa sikirini likadali lija lofinyidwa. High imasiya timalamulo kuti tiziyenda mu foni ndipo mafomu ambiri amagwira nayo ntchito, koma pa fomu imene simungakonde kuilemba kawiri ine ndimalangiza Off, kapena kutsegula adiresi yomweyo mu burauza ina monga Chrome kapena Firefox. Ngati mwazindikira vutoli mutalemba kale zambiri, yambani mwakopera mayankho aatali mu pulogalamu yolembamo manotsi.

Ena amaopa kuti kuzimitsa kudzamaliza bandulo yawo. Fomu yambiri ndi mawu, ndipo mawu sadya deta yambiri. Chimene chimalemera ndi chithunzi chimene mukutumiza, ndipo chochepetsa deta chimafinya zobwera kwa inu, osati zochoka kwa inu. Chithunzi cha 3 MB chidzadya pafupifupi 3 MB kaya chochepetsacho chayaka kaya chazima. Ngati fomu imalola chithunzi chosapitirira 1 MB, muyenera kuchichepetsa nokha musanachitumize.

Chochepetsa cha mu foni chili ndi msampha wake wina. Fomu ikatumiza nambala yotsimikizira kudzera pa imelo kapena pa pulogalamu ina, uthengawo ungachedwe kuonekera chifukwa pulogalamuyo yaletsedwa kukoka deta mwakachetechete, ndipo nambala zotere zimatha mphamvu pakapita mphindi zochepa. Musangokhala n'kudikira kuti foni ilire. Tsegulani pulogalamu ya imeloyo nokha, ndipo idzakoka makalata. Kuti zisabwerezeke, pa Android yambiri pitani ku Settings, Network & internet, Data Saver, kenako Unrestricted data, n'kuloleza pulogalamuyo. Pa mafoni a Samsung njira yake imadutsa pa Connections ndi Data usage. Nambala yobwera pa SMS sikhudzidwa, chifukwa SMS siyenda pa deta.

Chenjezo limene malangizo ambiri salitchula ndi lokhudza kulipira. Mukadina batani lolipirira ndipo tsamba n'kungokhala chete, musadinenso. N'zotheka kuti pempho lanu linafika, koma uthenga wotsimikizira unalephera kuoneka chifukwa umadalira timalamulo timene tinaimitsidwa. Yambani mwaona SMS, imelo kapena ndalama zotsala mu akaunti yanu, chifukwa kudina kachiwiri kungakulipiritseni kawiri, ndipo kubweza ndalama kumatenga nthawi. Komanso mu Extreme makompyuta a pakati aja amayenera kutsegula zimene zili pa tsamba kuti azifinye, ngakhale adiresi itayamba ndi https, kutanthauza kuti chinsinsi sichikhala cha inu ndi banki awiriwiri. Pa za banki ndi za pasiwedi yofunika, musagwiritse ntchito Extreme ngakhale tsamba likuoneka kuti likuyenda.

Ngati mwazimitsa zonse, mwatsegulanso tsamba, koma fomu ikukanabe, yang'anani zinthu zina ziwiri. Mu Chrome pitani ku Settings, Site settings, JavaScript, n'kuona ngati yaloledwa, chifukwa ena amaizimitsa pofuna kuchepetsa deta kenako n'kuiwala. Yang'ananinso chotsekereza zotsatsa malonda, chimene nthawi zina chimatseka CAPTCHA kapena bokosi lolipirira poganiza kuti ndi malonda. Fomu yomweyo ikakana pa burauza ziwiri, pa deta ya foni ndiponso pa Wi-Fi, vuto lili ku tsambalo, ndipo polembera eni ake muwauze dzina la burauza, bokosi limene lakana, ndi mawu enieni amene aoneka pa sikirini.