Mndandanda woyambira ntchito pa gulu loyankha makasitomala

"Tilipo anayi, timasinthana m'mawa ndi masana. Kodi wolowa aziona chiyani asanayambe kuyankha matikiti?"

Matikiti ndi mafunso kapena madandaulo a makasitomala amene alembedwa kuti ayankhidwe. Mndandandawu ulembeni waufupi, woti munthu autsirize pa mphindi 10. Ukatalika, anthu amangochonga osawerenga.

Choyamba, awerenge uthenga wa amene waweruka: matikiti osatha ndi zomwe analonjeza. Apa mpamene zinthu zimatayikira. Mnzanu akauza kasitomala kuti "tikuimbirani pofika 2 koloko za ndalama yanu" koma osalemba, wamasana sangadziwe, ndipo kasitomalayo abweranso atakwiya. Choncho lonjezo lililonse likhale ndi nambala ya tikiti, ola ndi dzina la wolikwaniritsa.

Kenako ayese zida. Foni ikulira? Imelo ndi WhatsApp zikulandira? Mzere wa matikiti ukakhala zii pa nthawi imene pamachuluka anthu, adzitumizire uthenga woyesera, mwina chafa ndi chida.

Akatero asanje matikiti, osati potsata amene anafika koyamba ayi, koma amene nthawi yake yoyankhira yatsala pang'ono kutha. Tikiti yopanda mwini aipatse munthu pomwepo.

Pomaliza asaine ndi kulemba ola. Ine ndimaonanso mndandandawu pakatha milungu iwiri: mfundo imene sinagwirepo vuto ndimaichotsa.