Mawu akamatsalira m'mbuyo pa vidiyo yaitali: momwe mungawabwezere pamzere

Vidiyo yayamba bwinobwino, koma pofika kumapeto milomo yatseka kale mawu akumvekabe. Zikatere musalimbane ndi kukoka mawu uku ndi uku, chifukwa mukakonza kumapeto muwononga koyambirira. Gwero lake nthawi zambiri ndi lakuti kamera ndi chojambulira mawu chilichonse chili ndi wotchi yakeyake, ndipo mawotchiwo sathamanga mofanana ndendende.

Yambani ndi kuyeza. Lumikizani mawu ndi chithunzi koyambirira, pamene munthu anawomba m'manja kapena pamene milomo ikutseka potchula "p" kapena "b". Kenako pitani kumapeto muone kuti zasiyana bwanji. Tinene kuti vidiyo ndi ya maola awiri, omwe ndi masekondi 7200, ndipo mawu achedwa ndi masekondi 1.8.

Musathamangire kukonza musanayeze pakati. Apa ndi pamene ambiri amagwa nayo. Ngati vuto ndi la mawotchi, pa ola limodzi mawu achedwa ndi theka la chiwerengero chija, masekondi 0.9. Mukapeza kuti pakatipo asiyana kwambiri kuposa apo, kapena sanasiyane n'komwe, ndiye kuti vuto lili pa chithunzi. Mafoni ndi mapulogalamu ojambula za pa sikirini amasinthasintha chiwerengero cha mafulemu, zomwe ndi zithunzi zopanga vidiyo, pa sekondi, makamaka kukachita mdima kapena foni ikatentha. Tsegulani fayilo ya vidiyoyo mu MediaInfo, pulogalamu yoonetsa tsatanetsatane wa fayilo, muyang'ane mzere wa Frame rate mode. Pakalembedwa Variable, ipititseni kaye mu HandBrake, pulogalamu yosinthira mafayilo a vidiyo, mutasankha Constant Framerate, kenako muyezenso kuyambira pachiyambi. Mukatambasula mawu musanachite izi, koyamba ndi kumapeto kudzagwirizana koma pakati ponse padzakhala posokonekera. 

Kusiyanako kukamakula mofanana, werengerani motere: chimene chithunzi chatenga masekondi 7200, mawu atenga 7201.8. Gawani kutalika kwa mawu ndi kutalika kwa chithunzi, 7201.8 ÷ 7200 = 1.00025. Mawuwo afulumizitseni ndi nambala imeneyi mu pulogalamu ya ffmpeg, pogwiritsa ntchito atempo, yomwe imasintha liwiro la mawu:

```
ffmpeg -i mawu.wav -filter:a atempo=1.00025 okonza.wav
```

Khutu silingamve kusintha kochepa chonchi. Mawu akakhala kuti akutsogola, nambalayo imatsika pansi pa 1. Mukaitembenuza, kusiyana kuja kuwirikiza kawiri, ndipo n'chizindikiro chake chimenecho.

Kukula kwa kusiyanako kumaululanso gwero. Masekondi 3.6 pa ola ndiye kuti 29.97 yasokonezedwa ndi mafulemu 30 pa sekondi. Kukakhala kwa mphindi zingapo pa ola, mawunso akumveka osintha, fayilo ya mawu ya 44.1 kHz ikuwerengedwa ngati ya 48 kHz, kapena mosemphanitsa; manambalawa amasonyeza kuchuluka kwa tizigawo ta mawu tojambulidwa pa sekondi. Pamenepo konzani zimenezo, osati atempo.

Lowetsani fayilo yatsopanoyo, lumikizaninso powomba m'manja paja, muone koyamba, pakati ndi kumapeto musanatulutse.