Momwe mungadziwire ngati ululu wa kunja kwa chigongono ukuchokera ku tendoni kapena ku mtsempha wopanikizika

Munthu akakhalira kugwira hamala, kufinya zovala kapena kutonola chimanga masiku otsatizana, chigongono chimayamba kuwawa mbali yakunja, moti ngakhale kunyamula ketulo kumavuta. Ambiri timangoti "mtsempha wakokeka", koma mawuwa akubisa zinthu ziwiri. China ndi tendoni, kachingwe kolimba komanga mnofu ku fupa, kamene kamaperepeseka ntchito ikachuluka. China ndi mtsempha wotumiza mauthenga ku minofu yotambasula zala, umene umatha kupanikizika podutsa mkati mwa mnofu wotembenuza dzanja. Vuto la tendoni ndi lofala kwambiri, makamaka kwa a zaka 35 mpaka 55, ndipo lachiwirili silichitikachitika.

Yambani ndi kufufuza malo enieni. Pindani mkono pang'ono, mupeze kafupa kotundumuka kunja kwa chigongono, mukadinikize ndi chala chachikulu. Ululu wa tendoni umabaya pomwepo, kapena sentimita imodzi kumunsi kwake, ndipo mutha kuuloza ndi nsonga ya chala. Kenako tsikani cha ku dzanja masentimita 4 kapena 5, pamnofu wofewa uja, mudinikizenso. Ngati pakuwawa kwambiri ndi apa, ganizirani za mtsempha. Koma mudinikizenso mkono winawo, chifukwa malo amenewa amamveka kuwawa pang'ono ngakhale kwa munthu wabwinobwino.

Chachiwiri mufunika mnzanu. Wongolani mkono, chikhatho chiyang'ane pansi, fumbatani chibakera, muchikwezere m'mwamba iye akuchikanikizira pansi. Kukabaya pa kafupa paja, ndi tendoni. Tsopano, mkono uli chiwongolere, mugwirane chanza, inu muyese kutembenuza chikhatho kuti chiyang'ane kumwamba iye akukaniza. Izi zimalimbitsa mnofu umene mtsempha umadutsamo, ndiye ululu ukadzuka mkati mwa mnofu kumunsi kuja, mtsemphawo ndiwo ukudandaula. Ena amayesanso pokanikiza chala chapakati, koma ine sindikudalira kuyesa kumeneko, popeza kumawawa pa mavuto onse awiri.

Tiyerekeze kalipentala wa zaka 45 amene wakhala milungu itatu akumanga masikulu ndi sikuludiraiva. Wagula lamba womanga kumunsi kwa chigongono, koma akamumanga ululu ukukula. Usiku, ali chigonere, mkono ukuliritsa mkatikati mpaka kumbuyo kwa dzanja, ndipo mukamufunsa pakuwawa akusisita mnofu wonse m'malo moloza malo amodzi. Pa kafupa pakungowawa pang'ono, pogwirana chanza paja akukuwa. Zonsezi zikuloza ku mtsempha, ndipo lambayo avule, chifukwa amakhala pamalo pomwe mtsemphawo wapanikizika kale. Apumitse ntchito yopotokola dzanja, akaonane ndi a fiziyo, achipatala othandiza kulimbitsa ziwalo. Musadabwe kuti alibe dzanzi: mtsempha umenewu suyendetsa kumva kwa khungu. Mavuto awiriwa amathanso kukhalira limodzi mu mkono umodzi.

Ngati zonse zaloza ku tendoni, lamba yemweyo amathandiza pogwira ntchito. Zinthu muzinyamula chikhatho chitayang'ana kumwamba, ndipo mpini wowonda muukulunge nsalu kapena mphira kuti musamaufinye kwambiri. Ululu waukulu ukatsikako, yambani kulimbitsa tendoniyo. Ikani mkono patebulo, dzanja lilendewere m'mphepete chikhatho chili pansi, mutagwira botolo la madzi la theka la lita. Kwezani dzanjalo mothandizidwa ndi dzanja linalo, kenako mulisiye litsike lokha pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 4. Chitani maulendo 15, mupume, mubwereze mpaka katatu, tsiku lililonse. Kuwawa pang'ono n'kololedwa. Mukadzuka mawa lake pakuwawa kuposa dzulo, pungulani madziwo, ndipo zikayamba kupepuka musinthire ku botolo la lita.

Pamafunika kupirira, chifukwa tendoni imachira pa miyezi, kawirikawiri 6 mpaka 12. Panado kapena mankhwala opaka a daikulofenaki amangoziziritsa ululu. Jakisoni wa siteroyidi amathandiza milungu yochepa, koma ululu umakonda kubwerera, ndiye musamuthamangire.

Pitani kuchipatala osadikira ngati zala zikukanika kutambasuka kapena dzanja layamba kugwa lokha, ngati chigongono chatupa n'kutentha, kapena ngati ululu unayamba mutagwa. Dzanzi lofika ku chala chachikulu ndi chamkombaphala, pamodzi ndi khosi lowawa, nthawi zambiri limachokera m'khosi, choncho uzani adokotala ayang'anenso kumeneko.