Musanagule kamera, sendezani maikolofoni pafupi ndi pakamwa

Chaka china m'mwezi wa Julaye ndinajambula kanema wa mlimi wachitsanzo akuonetsa anzake kasungidwe ka chimanga. Foni inali yatsopano, dzuwa linawala bwino, ndipo chithunzi chinatuluka chokongola mpaka maso a chimanga ankawerengeka. Ndinaima mamita anayi kuchokera pomwe bamboyo anali, kuti nkhokwe ndi matumba zonse zioneke. Madzulo nditamvetsera ndinagwira pakamwa. Mwera unkawomba mufoni ngati wina akukupiza lichero, chigayo cha kutsidya chinkalira osalekeza, ndipo mawu a bamboyo ankamveka ngati akulankhulira m'mbiya. Pamene anatchula mlingo, ena pagulu lathu la WhatsApp anamva 15, ena anamva 50. Kanemayo ndinamufufuta.

Munthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino chifukwa maso amabwerera. Thumba likaoneka mwachimbuuzi sekondi ino, sekondi yotsatira likadali pomwepo, ndipo woonera amadziwa kale maonekedwe a thumba. Mawu sadikira. Liwu likaphimbidwa ndi phokoso lapita, ndipo womvera amangolota. M'Chichewa kutayika kwake kumakhala kwa tinthu ting'onoting'ono: "kuponya" ndi "kuphonya" zimasiyana ndi kampweya kochepa chabe, pomwe "mtengo" wa m'munda ndi "mtengo" wa pamsika zimasiyana ndi kakwezedwe ka liwu. Manambala omwe timatchula m'Chingerezi ndiye oopsa kwambiri, poti "fifitini" ndi "fifite" zimasiyanira kumapeto, komwe anthu ambiri amatsitsa mawu. Komanso kumbukirani komwe kanema wanu akupita. WhatsApp imafinya chithunzi kuti chisadye bandulo, ndiye kukongola komwe munakuvutikira kumachepa panjira. Ambiri amamvetsera pa kasipika ka foni, ali m'minibasi kapena akupala moto kukhitchini, maso ali kwina.

Nkhani yonse yagona pa mtunda wa pakati pa pakamwa ndi maikolofoni. Panja, mtundawo ukawirikiza kawiri, mawu ofika pa maikolofoni amatsika ndi madesibelo pafupifupi 6 pa muyeso wa kukula kwa mawu, kutanthauza kuti kagundidwe kake kamatsika ndi theka. Tiwerengere za tsiku lija. Maikolofoni ikanakhala pachifuwa cha bamboyo, ikanatalikira masentimita 25 kuchokera pakamwa. Kuchoka pa 25 kufika pa 50, kenako mita imodzi, mamita awiri, mamita anayi, ndi kuwirikiza kanayi. Choncho pomwe ndinaima, mawu anafika atatsika ndi madesibelo 24, kapena tinene kuti panatsala gawo limodzi lokha mwa magawo 16. Koma chigayo sichinatsike nawo, chifukwa kwa chinthu chomwe chili kutsidya la mtsinje, mamita anayi si kanthu. Foni ikaona kuti mawu achepa imadzikwezera yokha, ndipo imakweza zonse pamodzi, munthu, chigayo ndi mphepo. N'chifukwa chake foni yodula yomwe ili patali imagonja kwa foni yakale yomwe ili pafupi.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi foni yachiwiri. Bwerekani ya mnzanu, ngakhale yosweka galasi, bola ikhale ndi pulogalamu yojambulira mawu, yomwe pa mafoni ambiri imalembedwa Voice Recorder kapena Sound Recorder. Maikolofoni yaikulu ya foni imakhala kumunsi, pa kabowo koyandikana ndi polowetsera chaja. Muike foniyo m'thumba la pachifuwa la malaya itazondoka, kuti kabowoko kayang'ane kuchibwano ndipo kasaphimbidwe ndi nsalu. Ngati wolankhulayo wavala bulauzi kapena malaya opanda thumba, lumikizani mahedifoni okhala ndi maikolofoni, aja oimbira foni, mudutsitse chingwe mkati mwa chovala, kenako kamaikolofoniko mukamange ndi pini kapena chopanira zovala pachifuwa, kutalika kwa chikhatho chotambasula kuchokera pakamwa. Foni ilowe m'thumba la thalauza kapena m'chiuno mwa chitenje. Mayi aliyense azidzimangirira yekha kapena amuthandize mayi mnzake. Inu ingolozani pomangapo.

Mafoni onse awiri akayamba kujambula, wolankhulayo aombe m'manja kamodzi, mwamphamvu, kamera ikuona. Mukadzalowetsa kanema ndi mawu mu pulogalamu yolumikizira, kuomba kuja kumaoneka ngati mzere wautali woima pa chithunzi cha mafunde a mawu, m'mafayilo onse awiri. Sunthani fayilo imodzi mpaka mizere iwiriyo igundane, kenako zimitsani mawu a foni yomwe inajambula chithunzi. Mukaiwala kuomba, mudzakhalira kuyerekeza milomo ndi mawu mpaka usiku, ndipo ine zinandichitikirapo kangapo.

Amene angathe kugula kamaikolofoni komangirira pakolala, agule, koma ayang'ane pulagi asanapereke ndalama. Pulagi yopangira foni imakhala ndi timizere takuda titatu ndipo pa paketi amalemba TRRS. Ya timizere tiwiri, yolembedwa TRS, ndi ya kamera kapena makina ena, ndipo mukailowetsa mufoni nthawi zambiri foniyo imaiona ngati mahedifoni wamba n'kupitiriza kujambula ndi maikolofoni yake ya mkati. Inu mumangoti zonse zili bwino pomwe chingwecho chikungokongoletsa. Vuto lomweli limabwera ngakhale pulagi ili yoyenera, chifukwa pa mafoni ena a Android pulogalamu ya kamera sitenga mawu a maikolofoni yakunja. Kuyesa kwake n'kosavuta. Yambani kujambula, kandani kamaikolofoniko ndi chikhadabo, kenako kandani pa kabowo ka foni, mumvetsere kuti kukanda komwe kwamveka kwambiri ndi kuti. Ngati foni ikukana, pulogalamu yaulere ya Open Camera ili ndi posankhira gwero la mawu potchedwa Audio source. Yesani zimenezi pasitolo pomwepo, wogulitsa akuona.

Mphepo ndi nkhani ina, chifukwa siimveka ngati mphepo. Khutu lanu limamva kamphepo kayaziyazi, koma pa maikolofoni mpweya umagunda mwachindunji n'kutulutsa mkokomo womwe umameza mawu onse, ndipo palibe pulogalamu yomwe imauchotsa osawononga liwu la munthu. Dulani kasiponji kofewa, mubowole pakati, muveke kamaikolofoniko n'kumanga ndi labala. Pa foni, sokosi yoyera yaubweya yovekedwa kumunsi imathandiza pa mphepo yochepa. Ikakula, kansalu ka ubweya wautali, ngati ka chidole chakale, kamaposa siponji, popeza ubweyawo umafooketsa mpweya usanafike. Wolankhulayo afulatire mphepo kuti thupi lake likhale chotchinga, kapena muime kuseri kwa khoma kapena mpanda wa udzu. M'miyezi ya mwera, jambulani m'mamawa mphepo isanadzuke, ngakhale kuti nthawi imeneyo tambala naye amafuna kumveka.

Ambiri akathawa mphepo amalowa m'kalasi, m'tchalitchi kapena muofesi, osadziwa kuti alowa m'vuto lina. Pansi pa simenti, makoma opulasitala ndi denga la malata lopanda siling'i zimabweza mawu, ndipo maikolofoni imamva liwu limodzi kambirimbiri motsatizana. Ombani m'manja kamodzi pakati pa chipinda. Mukamva kamchira kotsatira kuombako, chipindacho sichabwino. Chipinda chogona chokhala ndi matiresi, makatani ndi zovala zopachika chimaposa holo yaikulu, ndipo nyumba yofolera udzu yozira ndi dothi nthawi zambiri imamveka bwino kuposa ya malata. Mosungira matumba odzaza chimanga namonso mawu amatuluka oyera, chifukwa matumbawo amameza mawu obwerera. Ngati mukujambula mawu okha oti muike pamwamba pa zithunzi, khalani pabedi, mudzifunditse bulangete lochindikala pamodzi ndi foni. Mudzatuluka thukuta, ana adzakusekani, koma mawu adzamveka ngati a pawailesi. Dziwani malire ake: bulangete limachotsa kubwerera kwa mawu m'chipinda, silitchinga phokoso lochokera panja. Njinga yamoto ikadutsa, imani, idutse, mubwereze chiganizo chonse kuyambira poyamba. Mvula ikayamba pa malata, tsekani foni mudikire.

Kuyandikira nakonso kuli ndi polekezera. Maikolofoni ikakhala kutsogolo kwa milomo penipeni, mpweya wa "ph", "th" ndi "kh" umaigunda ngati nkhonya, ndipo Chichewa chadzaza ndi malembo amenewa. Muiike chammbali pang'ono kapena kumunsi kwa chibwano, mpweya uzidutsa pamwamba. Anthu ozolowera kulankhula pamsonkhano, monga abusa ndi mafumu, amakweza mawu akangoona kuti akujambulidwa, ndipo mawu akapyola mlingo womwe foni ingalandire amasweka, n'kumamveka ngati sipika yong'ambika. Kusweka kumeneku sikukonzeka. Pa pulogalamu yoonetsa mlingo, mawu okwera kwambiri azifika pakati pa -12 ndi -6, asagunde 0, pomwe mawu amayamba kusweka. Ngati mlingo suoneka, auzeni kuti, "Bambo, lankhulani ngati mukucheza ndi ine pakhonde, gulu lija kulibe," ndipo ngati akulephera kutsitsa, tsitsani maikolofoniyo pang'ono cha kumimba.

Musanayambe, ikani mafoni onse pa Airplane mode, kuti wina asaimbe pakati pa nkhani komanso kuti kulira kwa netiweki kusalowe m'chingwe. Zimitsani fani ndi wailesi, ndipo furiji ngati ili pafupi muizimitse kwa mphindi zochepazo, makiyi anu muwaike pamwamba pake kuti musachoke musanaiyatse. Jambulani masekondi 20 oyeserera, wolankhulayo atchule manambala omwe adzatchule m'kanema, kenako mvetserani ndi mahedifoni pomwepo. Apa ndi pomwe mumagwira mkanda womwe ukukhuza maikolofoni, jekete lolira likamagwedezeka, kapena chingwe chomwe sichinalowe bwino. Mvetseraninso pa sipika ya foni, poti ndi pomwe alimi adzamvere.

Pomaliza kujambula, aliyense akhale chete masekondi 10 foni ikujambulabe. Kachidutswa aka n'kothandiza kwa amene ali ndi kompyuta. Mu pulogalamu yaulere ya Audacity mumasankha kachidutswa kacheteko, n'kutsegula Noise Reduction, n'kudina Get Noise Profile, kenako mumasankha fayilo yonse n'kuyendetsanso Noise Reduction. Izi zimagwira pa phokoso losasintha, monga kulira kwa jenereta yakutali kapena kusokosa kwa foni yakale. Pa galu, mwana wolira kapena belu la njinga sizithandiza. Mukachotsa mopyola, mawu amayamba kumveka ngati munthu akulankhula pansi pa madzi, ndiye bwererani muchepetse.

Kanema wa chimanga uja tinamubwereza sabata yotsatira, 6 koloko m'mawa chigayo chisanatsegulidwe, kuseri kwa nkhokwe. Foni yakale ya mwana wa bamboyo inali m'thumba la malaya itavala sokosi, ndipo pofika pa mlingo ndinawapempha kuti autchule kawiri, kachiwiri m'Chichewa: khumi ndi zisanu. Chithunzi chinatuluka chakuda pang'ono chifukwa dzuwa linali lisanakwere, ndipo tinachisiya choncho.